Chigamba chilipo, koma nkhope ya Lydia idakali yakuda

Ndinali nditangomaliza kuyala mamodi atsopano, zowonjezera zomwe anthu amapanga kuti asinthe gemu, mu gemu ya Skyrim Special Edition. LOOT, pulogalamu yosanja mapulagini, omwe ndi mafayilo a mamodi omwe gemu imawatsegula motsatizana, inawasanja onse osadandaula kalikonse, gemu inatseguka bwinobwino, ndipo ndinkaganiza kuti ntchito yatha. Kenako ku Dragonsreach Lydia, mmodzi wa otsatira a wosewera mu gemuyi, anabwera kudzandilonjera, thupi lake lili loyera monga mwa masiku onse, koma nkhope yokha ili bii, ndipo pakhosi pali mzere woonekeratu pomwe mitundu iwiriyo yakumanirana. Amene mwakhalitsa ndi mamodi mukulidziwa vuto limeneli. Chomwe chinandisowetsa mtendere n'chakuti chigamba chothetsa vutoli ndinali nacho kale, chinali chochongedwa, ndipo chinali pansi pa mamodi awiri omwe chinalembedwera.

Mamodi okhudzidwa ndiwapatsa mayina anga. Yosintha nkhope za anthu ndiitcha `Nkhope.esp`. Yosintha kamenyedwe ka otsatira, monga luso lawo ndi mphamvu zawo, ndiitcha `Nkhondo.esp`. Chigamba chogwirizanitsa awiriwa ndi `Nkhope_Nkhondo.esp`.

## Rekodi imodzi, wopambana mmodzi

Chinthu chilichonse mu gemu imeneyi, kaya ndi munthu, lupanga, chitseko kapena nyengo, chili ndi rekodi yake, ndipo rekodi iliyonse ili ndi nambala yotchedwa FormID. Ya Lydia ndi `000A2C8E`. Manambala awiri oyambawo akusonyeza malo a fayilo yomwe inabala rekodiyo, ndipo `00` ndi `Skyrim.esm`, yomwe nthawi zonse imakhala yoyamba.

Modi ikafuna kusintha kanthu kamodzi pa Lydia, siisunga kanthu kamodziko kokha. Imakopera rekodi yonse, n'kusintha pomwe ikufunapo, n'kusunga yonseyo. Ndiye ngati mamodi anayi akhudza Lydia, pali makope anayi a rekodi yake kuwonjezera pa yoyambirira. Gemu siwasakaniza makopewo. Imatenga kope la pulagini yomwe yatsegulidwa pomaliza, enawo n'kuwataya onse.

Tengani lupanga lachitsulo, `00012EB7`. Mu gemu yosasinthidwa limavulaza ndi 7 ndipo mtengo wake ndi 25. Tiyerekeze kuti modi ina yakweza kuvulazako kufika pa 9, ina yakweza mtengo kufika pa 40. Munthu angayembekezere lupanga la 9 ndi 40. Silingapezeke. Yamtengo ikakhala pansi mupeza 7 ndi 40, chifukwa kope lake linanyamula 7 wakale uja. Yakuvulaza ikakhala pansi mupeza 9 ndi 25. Modi yogonjayo sinawonongeke, ndipo marekodi ake ena omwe palibe wina wawakhudza akugwira ntchito. Yangoluza pa rekodi imodzi imeneyi basi.

Pali mitundu ina ya marekodi yomwe gemu imaisamala mwa njira ina, koma pa anthu, zida, zovala ndi mindandanda ya katundu lamulo ndi limeneli.

## Usiku womwe ndinatsegula SSEEdit

Ndinamutumizira mnzanga chithunzi cha mndandanda wanga wonse, ndikumufunsa kuti ndi modi iti yomwe ili pamalo olakwika. Iye wakhala akuchita zimenezi kuyambira pa Skyrim yoyamba ya 2011. Anangoyankha kuti, "Aise, mndandanda ndiuone wa chiyani? Tsegula SSEEdit, ulembe nambala ya Lydia, undiuze amene ali kumapeto kudzanja lamanja."

Ndinatsegula SSEEdit, pulogalamu yoonera ndi kusintha zomwe zili m'kati mwa mapulagini, kudzera mu Mod Organizer 2, kapena kuti MO2, pulogalamu yomwe imasunga mamodi anga, chifukwa ikatsegulidwa payokha siona mamodi omwe ali mu MO2. Ndinasiya mapulagini onse ali ochongedwa, ndinadikira kuti imalize kuwerenga, kenako ndinalemba `000A2C8E` m'kabokosi ka `FormID` pamwamba kumanzere. Kudzanja lamanja kunatuluka mizati yoimirira, pulagini iliyonse yokhudza Lydia ili ndi mzati wake, kuchokera kumanzere kupita kumanja motsatira momwe gemu imawatsegulira.

Ndinkayembekezera mizati inayi: ya gemu, ya mamodi awiri aja ndi ya chigamba. Koma kupitirira chigambacho kunali mzati winanso, wa modi ya zovala, yomwe ndiitcha `Zovala.esp`. Ndinaiika kuti asilikali ndi antchito a m'nyumba za mafumu azivala zida zooneka bwino, ndipo m'maganizo mwanga inali modi ya zovala basi, yosakhudzana ndi nkhope ya munthu. Koma kuti imuveke Lydia chovala chatsopano inayenera kusintha mzere umodzi wa rekodi yake, `DOFT - Default outfit`. Kuti isinthe mzere umodziwo inakopera rekodi yonse kuchokera mu `Skyrim.esm`, pamodzi ndi tsitsi lakale, maso akale, utoto wakale wa nkhope ndi kamenyedwe kakale.

```
Skyrim.esm
Nkhondo.esp
Nkhope.esp
Nkhope_Nkhondo.esp
Zovala.esp
```

Nditatsetsereka ndi maso m'mizere ya rekodiyo, nkhani yonse inali poyera. Pa `Head Parts`, pa `HCLF - Hair Color`, pa `Tint Layers`, mzati wa chigamba unali ndi zonse zoyenera, koma zolembedwa mofiira, kusonyeza kuti zagonja. Mzati womaliza unabweza zonse ku za gemu yoyambirira. Pa `Perks` ndi pa `ZNAM - Combat Style` chimodzimodzi. Tsono Lydia sanangoda nkhope yokha. Ankamenyanso nkhondo ngati modi ya nkhondo ija kulibe, ndipo zimenezo sindikanaziona ndi maso. Nkhope yakuda ili ndi ubwino umodzi, imadziulula. Zambiri zomwe zimagonja mumndandanda sizidziulula, munthu amangosewera miyezi osadziwa kuti theka la zomwe anaika silikugwira ntchito.

Kuyambira usiku umenewo ndinasiya kufunsa kuti modi iyi ikhale pamwamba kapena pansi pa inzake. Ndimafunsa kuti pa rekodi iyi ndikufuna apambane ndani. Chigamba kukhala pansi pa mamodi omwe chinalembedwera sikukwanira. Chiyenera kukhala pansi pa pulagini iliyonse yokhudza marekodi omwe chikukonza, kuphatikizapo mapulagini omwe wolemba chigambacho sanawamvepo n'komwe.

## Nanga LOOT inali kuti?

LOOT inachita ntchito yake. Imadziwa zinthu zingapo motsimikiza. Imadziwa kuti mafayilo a gemu amayamba, `Skyrim.esm`, `Update.esm`, `Dawnguard.esm`, `HearthFires.esm`, `Dragonborn.esm`. Imadziwa kuti pulagini iliyonse iyenera kubwera pambuyo pa mafayilo omwe yalemba pa `Masters`, omwe ndi makolo ake, n'chifukwa chake chigamba chija inachiika pansi pa `Nkhope.esp` ndi `Nkhondo.esp`. Imatsatiranso malamulo omwe anthu odzipereka analemba okhudza mamodi odziwika. Pomwe palibe kholo ndiponso palibe lamulo, imangosankha malo omwe sakuswa lamulo lina lililonse. Siingadziwe kuti ine ndikufuna nkhope yatsopano ya Lydia kuposa chovala chake, chifukwa kumeneko ndi kukonda kwa munthu.

Ndiye LOOT ikanena kuti palibe vuto, tanthauzo lake n'lakuti palibe kholo losowa ndipo palibe lamulo lodziwika lomwe laswedwa. Ine ndimaigwiritsabe ntchito nthawi iliyonse ndikawonjezera modi, ndipo sindigwirizana ndi anthu omwe amati itayidwe. Mapulagini mazana angapo sungawayale ndi manja kuchokera poyambira. Imayala maziko, kenako munthu amayang'ana marekodi.

## Kusuntha kokha sikunathetse

Choyamba chomwe aliyense angachite ndi kukokera `Zovala.esp` pamwamba pa chigamba. Ndinatero, ndipo nkhope inabwerera, kamenyedwe kanabwereranso. Koma tsopano chigamba ndi chomwe chinali kumapeto kudzanja lamanja, ndipo pa mzere wa `DOFT` chinali ndi chovala chakale, popeza wochilemba sankadziwa za modi ya zovala. Lydia anavula zatsopano zija. Zili ngati bulangeti lalifupi, ukafunda kumutu mapazi ali pamtunda.

Apa pali njira ziwiri, ndipo zonse n'zabwino. Ngati chovalacho simukuchifuna kwenikweni, siyani `Zovala.esp` pamwamba, nkhani yatha. Koma musangoikoka ndi dzanja n'kuisiya, chifukwa LOOT ikadzasanjanso ikhoza kuibweza komwe inali. Tsegulani `Edit Metadata` pa chigambacho, pa `Load After` muwonjezere `Zovala.esp`, ndipo lamulolo lidzatsatidwa nthawi zonse.

Ngati mukufuna zonse zitatu, nkhope, kamenyedwe ndi chovala, palibe mndandanda uliwonse womwe ungakupatseni zimenezo, chifukwa palibe pulagini yomwe ili ndi zitatuzo m'kope limodzi. Kope limenelo muyenera kulipanga nokha.

## Kusoka chigamba changa

Ntchitoyi imaopsa ukamaimva, koma pa rekodi imodzi ndi ya mphindi zochepa. Ndinayamba ndi kusankha mzati womwe unali kale ndi zambiri zomwe ndinkafuna, kuti zokoka zichepe. Unali wa `Nkhope_Nkhondo.esp`. Ndinadina kumanja pamutu pa mzatiwo, n'kusankha `Copy as override into...`, kenako `<new file>.esp`, ndipo fayiloyo ndinaitcha `ZigambaZanga.esp`. Mzati watsopano unaoneka kumapeto. Kenako ndinagwira mzere wa `DOFT` mu mzati wa `Zovala.esp` n'kuukokera mu mzati wanga. Pulogalamuyo inafunsa ngati iwonjezere `Zovala.esp` pa makolo a fayilo yanga, chifukwa chovalacho ndi rekodi yobadwira m'menemo, ndipo ndinavomera.

Pali mawu awiri oyandikana pamenepo omwe amasokoneza. `Copy as override into...` imasunga FormID yomweyo, ndiye kope lanu limalowa m'malo mwa Lydia weniweni. `Copy as new record into...` imapanga munthu wina watsopano wokhala ndi nambala yake, yemwe gemu siimuika paliponse, ndipo Lydia weniweni amatsala momwe analili.

Pokoka za nkhope, lamulo langa n'lakuti zonse zichokere ku modi imodzi. Zimenezi ndi `Head Parts`, mtundu wa tsitsi, `Tint Layers`, `NAM9 - Face morph`, `QNAM - Texture lighting`, `FTST - Head texture` ndi kulemera kwa thupi pa `NAM7`, komanso khungu pa `WNAM` ngati modiyo yalisintha. Kutenga tsitsi kwa uyu ndi maso kwa uyo kumaoneka kotheka pa sikirini, koma kumabweretsanso nkhope yakuda, pa chifukwa chomwe ndifotokoze m'munsimu. Za kamenyedwe, zovala, magulu omwe munthuyo alimo ndi zochita zake za tsiku ndi tsiku, zimenezo mukhoza kuzisakaniza momwe mukufunira.

Ndisanatseke ndinayang'ana makolo a fayilo yanga pa `File Header`. Ndimafuna kuti pulagini iliyonse yomwe chigamba changa chikuyenera kuigonjetsa ikhale pamenepo, ndipo ikasowa ndimaiwonjezera ndi `Add Masters...`. Ubwino wake n'ngwakuti LOOT siingaike chigambacho pamwamba pa kholo lake, choncho malo ake amadziteteza okha. Kuipa kwake n'kwakuti tsiku lomwe mudzachotse `Zovala.esp`, chigamba chidzasowa kholo ndipo gemu idzagwa isanafike n'komwe pa menyu. MO2 imaika chizindikiro chofiira pa pulagini yotere, ndiye muziyang'ana musanatsegule.

Pomaliza, pa `Record Flags` za `File Header` yomweyo ndinachonga `ESL`. Gemuyi imalola mapulagini athunthu 254 okha, pomwe opepuka, omwe ali ndi chizindikiro chimenechi, akhoza kufika 4096. Chigamba chomwe chilibe marekodi akeake atsopano chimalandira chizindikirochi popanda kukonza kwina kulikonse. Koma dzina lake lizitherabe ndi `.esp`. Fayilo yothera ndi `.esl` gemu imaitenga ngati kholo n'kuikweza kumtunda pamodzi ndi mafayilo a `.esm`, ndipo kumtunda kumeneko chigamba chimagonja kwa aliyense amene chimayenera kumugonjetsa.

## Mndandanda wachiwiri, wa kumanzere

Rekodi itakhala bwino, nkhani inali isanathe, chifukwa nkhope ya munthu mu gemu imeneyi imakhala m'malo awiri. Rekodi imafotokoza kuti mutuwo uli ndi zigawo ziti. Koma mutu weniweniwo, womwe umaoneka pa sikirini, unapangidwa kale n'kusungidwa m'mafayilo awiri, ina ya maonekedwe ake ndi ina ya utoto wake:

```
meshes\actors\character\facegendata\facegeom\Skyrim.esm\000A2C8E.nif
textures\actors\character\facegendata\facetint\Skyrim.esm\000A2C8E.dds
```

Nkhope yakuda imabwera pamene rekodi yopambana ikunena za mutu wina, pomwe fayilo yopambana ili ndi mutu wina. Gemu ikaona kuti zigawo sizikugwirizana, utoto wa nkhope sukhalanso pamalo pake. Kwa ine rekodi inali ya mutu wakale, wobwera ndi `Zovala.esp`, pomwe mafayilo anali a mutu watsopano wa modi ya nkhope.

Onani kuti foda ili ndi dzina la `Skyrim.esm`, fayilo yomwe inabala Lydia, osati dzina la modi. Choncho modi iliyonse yosintha nkhope yake imalemba panjira yomweyi ndi dzina lomweli, ndipo pakhoza kukhala fayilo imodzi yokha. Amene apambane pamenepa sasankhidwa ndi mndandanda wa mapulagini, womwe mu MO2 uli kumanja. Mu MO2 amasankhidwa ndi mndandanda wa kumanzere, wa mamodi enieniwo, pomwe yomwe ili pansi imaphimba mafayilo a yomwe ili pamwamba. Mu Vortex, pulogalamu ina yosunga mamodi, amasankhidwa ndi malamulo omwe mumaika onena modi yobwera patsogolo ndi yobwera pambuyo. LOOT siikhudza mbali imeneyi ngakhale pang'ono.

Ndiye ngati muli ndi mamodi awiri a nkhope omwe onse akhudza munthu mmodzi, wopambana kumanja ayenera kukhala yemweyo wopambana kumanzere. Kuti mutsimikize, dinani kawiri modi ya nkhope kumanzere, mutsegule `Conflicts`, muone ngati mafayilo awiri a nambala ya munthuyo ali m'gulu la opambana. Ndinapeza kuti anga anali bwino, koma ndimayang'anabe nthawi iliyonse.

Palinso kamsampha kena. Mamodi ena amalongedza mafayilo awo m'nkhokwe ya `.bsa`, ena amawasiya poyera m'mafoda. Nkhokwe imatsegulidwa pamodzi ndi pulagini ya dzina lake, choncho nkhokwe ziwiri zikalimbana imapambana ya pulagini yomwe ili pansi kumanja. Koma fayilo yapoyera imagonjetsa ya m'nkhokwe nthawi zonse, kaya modi yake ili pamwamba chotani. Modi yakale ya nkhope yomwe munaiiwala kumtunda kwa mndandanda, ngati mafayilo ake ali poyera, ikhoza kuphimba modi yatsopano yolongedzedwa, ngakhale mindandanda yonse iwiri ikuoneka yolongosoka. Zikatero mumabisa mafayilo awiri akalewo ndi `Hide` mu MO2, kapena mumamasula nkhokwe ya modi yatsopanoyo kuti nayo ikhale poyera.

## Momwe ndimayalira tsopano

Kumtunda kumakhala mafayilo a gemu, kenako `Unofficial Skyrim Special Edition Patch.esp`, yomwe imayenera kukhala kumtunda kuti mamodi ena athe kuigonjetsa pomwe akufuna kusintha dala. Kenako mamodi akuluakulu okhudza marekodi ambirimbiri, ndipo pansi pake mamodi ang'onoang'ono okhudza zochepa. Chifukwa chake n'chosavuta: modi yosintha malupanga atatu ikakhala pamwamba pa yosintha zida zonse, imagonja pa marekodi ake onse atatu n'kukhala ngati kulibe, pomwe ikakhala pansi, yaikuluyo imangoluza atatu mwa mazana. Mamodi a nkhope ndimawatsitsa pansi pa mamodi ena onse okhudza anthu, chifukwa iwo akagonja zotsatira zake zimaoneka moipa kwambiri. Kenako zigamba za olemba mamodi, kenako `ZigambaZanga.esp`.

Kumunsi kwenikweni kumakhala mafayilo omwe mapulogalamu amapanga powerenga mndandanda wonse. `Bashed Patch, 0.esp` ya Wrye Bash ndimaigwiritsa ntchito pa mindandanda ya katundu yemwe adani ndi mabokosi amakhala naye, chifukwa mamodi khumi a zida akhoza kulemba pa mndandanda umodzi, ndipo popanda kuwaphatikiza zida za modi imodzi yokha ndi zomwe zingamapezeke. Pansi pake pamabwera `DynDOLOD.esp` ndi `Occlusion.esp`, okhudza momwe zinthu zakutali zimaonekera. Mafayilo amenewa amanyamula chithunzi cha mndandanda monga unalili tsiku lomwe anapangidwa. Mukawonjezera modi osawapanganso, iwo ndi omwe amasanduka mzati womaliza wobweza zakale.

## Kuyesa

Chigamba musachiyesere pa sevu yakale, masewera omwe munasunga kale. Zinthu zina za munthu yemwe mwakumana naye kale, monga katundu yemwe wanyamula ndi kulemera kwa thupi lake, zimatha kukhala zitalembedwa mu sevuyo, ndipo sevu imaposa pulagini iliyonse. Mukhoza kukonza zonse bwinobwino koma mzere wa pakhosi n'kukhalapobe, kenako n'kuyamba kusuntha mapulagini omwe analibe mlandu.

Ine ndimatsegula konso, malo olembamo malamulo a gemu, ndili pa menyu yoyamba, ndisanalowe mu sevu iliyonse, n'kulemba lamulo loyamba. Gemu ikandifikitsa kumaloko ndimalemba lachiwiri:

```
coc Riverwood
player.placeatme 000A2C8E
```

Loyambalo limandiika m'dziko ndi munthu watsopano, lachiwiri limabweretsa kope la Lydia patsogolo panga, lopangidwa kuchokera ku rekodi yopambana. Pamenepo nkhope, khosi ndi chovala zimaonekera limodzi. Masewera oyeserawo sindiwasunga, chifukwa kope lobwera ndi `placeatme` limatsala m'dzikomo. Za kamenyedwe sizioneka ndi maso, ndiye zimenezo ndimakazitsimikiza mu SSEEdit, poona kuti mzati womaliza ndi wanga ndipo `Perks` zake n'zofanana ndi za `Nkhondo.esp`.

Modi ya zovala ija sinakhudze Lydia yekha. Nditatsegula gulu la `Non-Player Character (Actor)` pansi pa `Zovala.esp`, aliyense yemwe analinso mu `Nkhope.esp` anali ndi vuto lomwelo, kungoti ndinali ndisanakumane nawo. Onsewo anafunika kukoperedwa kuchokera ku mzati wokhala ndi nkhope yoyenera, n'kukokeredwa mzere wa `DOFT`, mmodzimmodzi, m'fayilo yomweyo.